Ndimuuze mwana wa zaka 4 kuti amayi ake anamwalira?

"Mng'ono wanga anamwalira mwezi watha ndi khansa ya khomo la chiberekero, ndipo ana ake atatu ndawatenga ine. Wamng'ono ndi mtsikana wa zaka 4. Tsiku la maliro tinakamusiya kwa achibale kumudzi wina, kenako agogo ake anamuuza kuti amayi apita ku Joni kukagwira ntchito. Pano madzulo alionse amakakhala pachipata, galimoto ikangodutsa amathamangira kumsewu. Wachiwiri ndi mnyamata wa zaka 8. Iyeyu zoona akuzidziwa, koma wayambiranso kukodza pogona ndipo kusukulu sachedwa kumenya anzake. Wamkulu ndi mtsikana wa zaka 14, sanalirepo n'kamodzi komwe, amangogwira ntchito tsiku lonse osayankhula. Kodi wamng'onoyu ndimuuze zoona kapena ndidikire akule? Nanga enawa ndiwathandize bwanji?" Mayi wa ku Balaka

Amayi, pepani kwambiri ndi zovutazi. Inunso mwaferedwa, mukulira m'bale wanu uku mukuphikira ana atatu amene aliyense akulira mwa njira yakeyake. Palibe mwana ngakhale mmodzi mwa atatuwa amene akuchita zachilendo. Pa zaka zimene ndakhala ndikucheza ndi mabanja oferedwa, zonsezi ndaziona kambirimbiri. Agogonso musawaimbe mlandu. Ananena zija chifukwa cha chifundo, ndiponso ndi mmene ambirife tinaleredwera, kuti maliro si nkhani ya ana.

Koma mwanayu muuzeni zoona, ndipo musadikire kuti akule. Ngati n'kotheka, sabata yomwe ino.

Ife timaganiza kuti tikamubisira ndiye kuti tamupulumutsa ku chisoni. Chisonicho ali nacho kale, n'chimene chikumukhazika pachipatapo. Chimene tamumana ndi tanthauzo lake. Mwana amene wauzidwa kuti amayi ali ku Joni amadzifunsa yekha mumtima kuti anapitiranji osanditsanzika, bwanji saimba foni, ndinawalakwira chiyani. Mafunso amenewa amapweteka kuposa mawu akuti amwalira. Komanso chinsinsi chotere sichikhalitsa. Tsiku lina ali kumasanje adzakangana ndi mnzake, mnzakeyo n'kumulasa kuti "iwe amako anafa." Akadzamva choncho, adzataya amayi ake kachiwiri, n'kutayanso chikhulupiriro mwa inu ndi agogo, anthu okhawo amene watsala nawo. Musaiwalenso kuti achimwene ake ndi achemwali ake asenza bodzali tsiku ndi tsiku. Sangatchule amayi awo momasuka m'nyumba, sangalire iye akuona.

Kuti mudziwe mawu oti musankhe, muyenera kudziwa kaye mmene mutu wa mwana wa msinkhu umenewu umamvera za imfa. Munthu wamkulu akamva kuti uje wamwalira amadziwa zinthu zinayi nthawi imodzi: kuti sadzabweranso, kuti thupi lake lasiyiratu kugwira ntchito, kuti pali chimene chachititsa, ndiponso kuti imfa idzafikira aliyense. Mwana sabadwa akudziwa zimenezi. Amazitola chimodzichimodzi, ndipo ambiri amayamba kuzigwira bwino pakati pa zaka 5 ndi 7. Katswiri wina wa ku Hungary, Maria Nagy, anacheza ndi ana mazana angapo mumzinda wa Budapest n'kulemba zimene anapeza mu 1948. Iye anaona kuti ana osapitirira zaka 5 amaona imfa ngati tulo kapena ulendo, kuti wakufayo akadali moyo kwinakwake, kungoti moyo wake wachepa mphamvu. Ngakhale kuti ana amasiyana, makamaka amene anaonapo kale imfa pafupi, mfundo imeneyi ndimaipezabe yoona.

Apa ndi pamene Chichewa chathu chaulemu chimatipusitsa. Timati atisiya, agona, atsogola, atsikira kulichete, Ambuye awatenga. Kwa akuluakulu mawu amenewa ndi ofewa ndipo amatonthoza. Mwana wa zaka 4 amawamva monga mmene alili. Wogona amadzuka. Wotsogola timamupeza kutsogoloko. Wotisiya wachita kufuna. Ndikukumbukira kamnyamata ka zaka 5 kamene kanauzidwa kuti agogo ake agona tulo tosadzuka. Kanayamba kukana kugona, kumangokhala tsonga pamphasa maso ali psuu mpaka kugwa nato tulo. Pakati pa usiku kamadzuka n'kukatsegula zikope za amayi ake ndi chala kuti kaone ngati iwonso sanapitirire. Amayi akewo ankaganiza kuti mwana waona mizimu. Titakhala naye pansi n'kumuuza kuti kugona ndi kufa ndi zinthu ziwiri zosiyana, kuti wogona amapuma ndipo mtima wake umagunda, anagwira pachifuwa pa amayi ake kuti amve yekha. Sizinathe usiku womwewo, koma pang'onopang'ono tulo tinabwerera.

Musanayankhule ndi mwanayo, yambani mwakhala pansi ndi agogo. Musawauze kuti analakwa, auzeni za pachipata paja ndi kuti mukuopa kuti adzamvera kwa anzake. Zikhala bwino kwambiri agogowo akakhalapo pomuuza, kuti mwana asaone ngati akuluakulu awiri akutsutsana. Auzeninso ana awiri aja kuti chinsinsi chija chatha, ndipo amene akufuna kukhalapo akhalepo, wosafuna musamukakamize.

Sankhani nthawi ya m'mawa kapena masana, mwana atadya, osati usiku pokagona. Khalani pamkeka, mumuike pamiyendo ngati amalola. Mawu akhale ochepa. Mukhoza kunena motere: "Ndikufuna ndikuuze nkhani yomvetsa chisoni. Tinakuuza kuti amayi apita ku Joni. Sizinali zoona, tinkaopa kuti ulira. Pepa. Amayi ako anadwala kwambiri matenda otchedwa khansa. Madokotala anayesetsa koma sanathe kuwachiza, ndiye anamwalira. Munthu akamwalira thupi lake limasiya kugwira ntchito. Sapuma, sadya, samva kuwawa, samva kuzizira. Ndipo sabweranso." Mukatero khalani chete. Musadzaze mpatawo ndi mawu ambiri. Misozi ikabwera musaibise, ingomuuzani kuti "ndikulira chifukwa ndawasowa amayi ako." Chimene chimaopsa mwana si misozi, koma kuona munthu wamkulu akudzigwetsa pansi osatha kudzigwira. Ngati mukuona kuti simukwanitsa nokha, pakhale wina wokhazikika pambali panu.

Ngati pakhomo panafapo nkhuku kapena mbuzi iye akuona, mukumbutseni. "Ukukumbukira nkhuku ija inafa, sinadzukenso ngakhale tinaigwedeza?" Ena amaona ngati n'kunyoza malemu kuyerekeza ndi chiweto, koma kwa mwana ndi chinthu chokhacho chimene anachiona ndi maso, ndipo chimamuthandiza kumvetsa.

Dzina la matendawo litchuleni. Mukangoti anadwala n'kumwalira, tsiku limene inu mudzadwale chimfine mwanayo adzanjenjemera. Muuzeni kuti anali matenda aakulu kwambiri, osiyana ndi chifuwa kapena kutsegula m'mimba kumene timamwa mankhwala n'kuchira, ndiponso kuti iye sangatengere matendawo ngakhale kuti ankagona ndi amayi ake.

Za chikhulupiriro, nenani zimene banja lanu limakhulupiriradi, koma muyambe mwafotokoza za thupi. Mukangoyamba ndi mawu akuti amayi ali kumwamba, iye amva ngati ndi Joni wina, ndipo afunsa kuti tikwera chiyani kuti tikawaone. Mukhoza kunena kuti thupi lawo tinaliika m'manda, ndipo ife timakhulupirira kuti mzimu wawo uli ndi Mulungu, kumene sitingapite kukacheza n'kubwerako. Mawu amene ndimapempha mabanja kuti awapewe ndi akuti Mulungu anawakonda kwambiri n'chifukwa chake wawatenga. Ndinaonapo ana akukana kupita kutchalitchi chifukwa cha mawu amenewa, ena kuyamba mwano dala kuti Mulungu asawakonde n'kuwatenganso.

Konzekerani zimene zitsatire, chifukwa zimadabwitsa ambiri. Akhoza kulira kwambiri. Akhozanso kungoti "chabwino," n'kutsika pamiyendo kukasewera, kapena kufunsa ngati phala latsala. Si kuuma mtima. Mwana wamng'ono satha kusunga chisoni nthawi yaitali, amalowamo pang'ono n'kutulukamo, kenako n'kubwereranso. Mawa lake adzakufunsani kuti "ndiye abwera liti?" Mkuja adzafunsanso. Yankhani ndi mawu omwewo nthawi zonse, mofatsa: "Sabweranso, chifukwa anamwalira. Ndikudziwa kuti wawasowa." Mafunso ena adzakubayani mumtima, monga akuti m'mandamo akudya chiyani, mvula ikagwa sanyowa kodi. Akufunsa chifukwa sanagwirebe mfundo ija yoti thupi lasiya kugwira ntchito, ndiye yankho ndi lomwe lija, kuti thupi lakufa silimva njala kapena kuzizira. Mukamuona akuika chidole cha dothi m'kadzenje n'kumaimba nyimbo ya maliro, musamukalipire kuti akuitana tsoka. Ana amaganiza ndi masewera.

Funso lina limene lidzabwere ndi lakuti, "Nanunso mufa?" Musalonjeze kuti simudzafa. Chimene akufunsa kwenikweni ndi chakuti adzamusamala ndani. Muuzeni kuti, "Anthu onse amadzafa, koma ambiri amafa atakalamba kwambiri. Ine sindikudwala, ndipo ndikufuna kukulera mpaka ukule. Agogo aliponso, amalume aliponso." Atchuleni mayina anthuwo.

Popeza sanaone maliro, pafunika chinachake chimene maso ake angagwire. M'midzi yambiri kumanda sitingolowako popanda chilolezo cha amfumu, ndipo ana saloledwa kawirikawiri. Kambiranani ndi eni mbumba ngati angaloledwe kukaona manda, mwina pa nthawi yomanga chiliza. Zikakanika, chithunzi cha amayi ake chikhale poonekera, ndipo mumupatse chitenje chimodzi cha malemu kuti chikhale chakechake. Ndimadandaula ndikaona katundu yense wa malemu akugawidwa kwa akuluakulu, ana osatsala ndi kanthu ngakhale duku. Ngakhale khanda losayankhula, limene silidziwa n'komwe kuti imfa n'chiyani, limazindikira kuti fungo, mawu ndi msana umene linazolowera palibe, ndipo limalira, kukana kudya ndi kuvuta kugona. Khanda lotero mankhwala ake ndi munthu mmodzi wokhazikika wolibereka tsiku lililonse, osati kumangolipatsirana.

Tsopano mnyamata uja. Pa zaka 8 akudziwa kuti amayi ake sadzabweranso, ndipo n'chifukwa chake zikumuwawa mwa njira ina. Pa msinkhu umenewu funso limene limavuta ndi lakuti chinachititsa n'chiyani, ndipo ana ambiri amadziloza okha. Ndinachezapo ndi mnyamata wina wa msinkhu womwewu amene anakhala miyezi akumenya anzake bambo ake atamwalira. Tsiku lina tikujambula galimoto papepala anangoti, osandiyang'ana, "Anandituma kukagula mankhwala ine n'kupita kumpira." Bambo akewo anamwalira patapita milungu iwiri ndi matenda amene mankhwala a pagolosale sakanawachiza. Mwanayo anasenza mlanduwo yekha nthawi yonseyo, chifukwa palibe anamuuza chimene chinapha bambo ake.

Choncho musadikire kuti mwana wanuyo anene yekha. Mupezeni muli awiri mukuchita kanthu, kaya mukutongola chimanga kaya mukupita kuchigayo, chifukwa anyamata ambiri amamasuka ngati simukuwayang'ana m'maso. Mufunseni kuti, "Iwe ukuganiza kuti amayi anamwalira chifukwa chiyani?" Mvetserani mpaka amalize. Kenako muuzeni momveka kuti, "Ana ambiri amaganiza kuti ndi iwo analakwitsa. Palibe chimene unanena, unachita kapena unaganiza chimene chinadwalitsa amayi ako." Mufunsenso zimene anamva pamaliro. Pasiwa pamayankhulidwa zambiri, za kulodzana, za uje amene ankachitira nsanje malemu, ndipo ana amamva zonse ali kuseri kwa nyumba. Mwana amene akukhulupirira kuti amayi ake anachita kulodzedwa amagona ndi mantha akuti wotsatira ndi iye.

Kukodza pogona kwa mwana amene anasiya kale kumachitika kawirikawiri akakumana ndi zoopsa kapena akasamuka, ndipo iyeyu zamuchitikira zonse ziwiri. Sakuchita dala. Kumumenya, kumuyanika pamaso pa anzake kapena kumuimbira nyimbo zomunyoza kumangowonjezera. Yalani pulasitiki pansi pa chofunda, akodze asanagone, njira yopita kuchimbudzi ikhale ndi kuwala kapena mumuikire chitini pafupi, chifukwa ena amaopa mdima maliro akangochitika. M'mawa muchape naye mwakachetechete. Komabe musangoti zonse ndi chisoni. Ngati akumva kuwawa pokodza, ngati mkodzo uli ndi magazi, kapena akumwa madzi kwambiri uku akuwonda, pitani naye kuchipatala akamuyeze mkodzo, chifukwa likodzo, matenda a m'chikhodzodzo ndi shuga zimayambanso motero.

Za ndewu, kaonaneni ndi aphunzitsi ake muwauze zimene zachitika, ndipo mufufuze ngati anzake sakumutonza kuti ndi wamasiye. Kunyumba malamulo asasinthe. Muuzeni kuti kukwiya n'kololedwa koma kumenya munthu ayi. Mwana woferedwa akaona kuti aliyense akungomulekerera, amamva ngati dziko lonse lagwedezeka.

Amene ndikumuganizira kwambiri ndi wamkuluyo, chifukwa ndi amene savutitsa, ndipo mwana wosavutitsa timamuiwala. Kusalira pakokha si vuto. Khansa imadwalitsa nthawi yaitali, ndipo n'kutheka kuti mtsikanayu ndi amene ankachapa nsalu za amayi ake, kuwatembenuza ndi kuwamwetsa phala. Mwina analira kale yekha miyezi yapitayo, mwinanso anaona zinthu zimene sanauzepo munthu. N'kuthekanso kuti amayi ake atapuma, mumtima mwake munabwera kampumulo kuti kuvutika kwatha, ndipo pano akudziona ngati munthu woipa chifukwa cha zimenezo. Muuzeni kuti ambiri amene adwazikapo matenda aakulu amamva choncho, ndipo si kusakonda.

Pamaliro ayenera kuti anauzidwa kangapo kuti "limba mtima, iwe ndiye mayi tsopano." Mawu amenewa muwachotse pamapewa pake. Muuzeni kuti, "Mayi pakhomo pano ndine. Iwe ndiwe mwana, ntchito yako ndi sukulu." Ndipo zioneke m'zochita: muchepetsereni ntchito, asajombe kusukulu chifukwa cholera mng'ono wake, apite kukacheza ndi anzake. Musamuumirize kuti afotokoze zakukhosi. Yambani ndinu kutchula amayi ake mukusenda mbatata, nkhani za pa utsikana wawo zimene inu nokha mukuzidziwa, zoseketsa zomwe. Ngati samasuka kwa inu, pasakhale nsanje akasankha azakhali, mphunzitsi kapena mlangizi wa kumpingo. Chofunika n'chakuti akhale ndi wamkulu mmodzi amene amamuuza zoona.

Iyeyu mufotokozereni matendawo mokwanira monga mungachitire ndi munthu wamkulu, chifukwa atsikana ambiri otere amaopa mwakachetechete kuti nawonso adzafa ndi matenda omwewo. Khansa ya khomo la chiberekero imayamba ndi kachirombo ka HPV kamene kamakhala m'thupi zaka zambiri kasanayambitse vuto, ndipo imapeweka ndi katemera komanso kuyezetsa munthu akakula. Katemerayu anayamba kuperekedwa m'dziko lonse lino mu 2019 kwa atsikana a zaka 9. Onani m'buku lake la kuchipatala, ndipo ngati sanalandire kafunseni kuchipatala chapafupi. Inunso mukayezetse, ndipo mumuuze kuti mwayezetsa. Zidzamuchotsera mantha ena amene sangawatchule.

Pali zizindikiro zimene sizifuna kudikira. Wamng'ono akanena kuti "ndikufuna ndipite kwa amayi," nthawi zambiri akungonena kuti wawasowa. Koma mawu omwewo akachokera kwa wa zaka 14, kapenanso wa zaka 8, mufunseni mosazungulira kuti, "Kodi umaganiza zodzipha?" Kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu, kumangotsegula khomo. Akavomera, kapena mukaona akudzicheka, akugawa zinthu zake, akutsanzika modabwitsa, musamusiye yekha. Tsekerani mankhwala a mbewu, a makoswe ndi mapiritsi onse otsala a malemu, ndipo tsiku lomwelo pitani naye kuchipatala cha boma mukafunse namwino kapena dokotala woona za maganizo. Mukhozanso kuimba 116, nambala yaulere yothandiza ana. Pitaninso ngati mwana aliyense mwa atatuwa akukana chakudya mpaka kuwonda, akulota zoopsa pafupifupi usiku uliwonse kwa milungu ingapo, wasiyiratu kusewera kapena kuyankhula, kapena wamkuluyo wayamba kugona kunja ndi kumwa mowa. Ndipo ngati patatha miyezi 6 chisoni chikumulepheretsabe kuphunzira ndi kucheza, osasintha n'pang'ono pomwe, pamenepo pafunika uphungu wa akatswiri. Achipatala akhoza kukutumizani ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba, ndipo zipatala za St John of God zili ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Za fizi ndi zosowa zina za anawa, ofesi yoona za chisamaliro cha anthu paboma ndi poyambira.

Achibale akadzabwera ndi maganizo ogawana anawa, wina ku Lilongwe wina kumudzi, yesetsani kuti akhale limodzi ngati thumba likulola, makamaka chaka choyambachi. Zikakanika, auzidwe nthawi isanakwane, adziwe kumene aliyense akupita ndi tsiku limene adzaonane.

Dziwaninso kuti nkhaniyi simudzaikamba kamodzi. Wamng'onoyu akadzafika zaka 7 kapena 8 adzamvetsa mwatsopano kuti kusabweranso kumatanthauza chiyani, ndipo akhoza kudzalira ngati maliro achitika dzulo. Wamkuluyo zidzamubwerera pa tsiku la zotsatira za mayeso, pa chinkhoswe, pa mwana wake woyamba.

Ndipo mukamuuza zoona, musadabwe kumuonabe pachipata madzulo. Miyendo imazolowera. Musamukokere m'nyumba. Tengani kampando mukakhale naye pomwepo, galimoto ikadutsa mumuuze kuti, "Si amayi, amayi anamwalira. Unkawadikira eti?" Mukhale naye mpaka atatopa, kenako mumugwire dzanja mukadye nsima.